Kuvina ndi Bokosi la Maliro: Chimatiseketsa N'chiyani Zinthu Zikavuta?

Kanemayo ndi wa masekondi osapitirira makumi awiri. Mnyamata ali pa njinga yamoto, wadzutsa tayala lakutsogolo kuti anzake amuone kuti ndi katswiri. Chapansipansi kukumveka kanyimbo kakukwera pang'onopang'ono. Njinga ija iyamba kupendama, mwini wake maso ali tong'o, ndipo pamene mukuti tione m'mene agwere, chithunzi chisintha mwadzidzidzi. Patulukira amuna ovala masuti akuda, zipewa ndi magalasi, asenza bokosi la maliro pamapewa, akuvina motakasuka ngati kuli ukwati. Nyimbo ija ndiye yafika pachimake.

Amene anali ndi foni ya intaneti mu 2020 anamuona kanemayu kambirimbiri, nthawi iliyonse ali ndi chiyambi china: wina akugwa padenga, wina akuputa galu wolusa, wina mkazi wake wamupezerera akumwetulira foni pakati pa usiku. Mathero okha ndiwo sankasintha. Zoseketsa zotere, zimene aliyense amatenga n'kusinthako pang'ono asanatumize kwa mnzake, achinyamata amazitcha mamimu. Mimu ya bokosi inawanda m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, pamene mliri wa Covid-19 unkatseketsa sukulu, mabwalo a ndege ndi matchalitchi, wailesi zikuwerenga akufa madzulo aliwonse. Anthu anali ndi mantha a imfa, koma chimene ankatumizirana kwambiri chinali bokosi la maliro.

Amuna ovinawo ndi a ku Ghana, ndipo sankachita sewero. Imeneyo ndi ntchito yawo. Mtsogoleri wawo ndi Benjamin Aidoo, gulu lake limatchedwa Nana Otafrija, ndipo kwawo ndi ku Prampram, tauni ya m'mbali mwa nyanja kum'mawa kwa mzinda wa Accra. Kumeneko maliro ndi mwambo waukulu, makamaka a munthu amene wafa atakalamba, ataona adzukulu ndi adzukulutubzi. Banja likapita kukalemba ntchito anyamata a Aidoo limafunsidwa kuti lisankhe: bokosi liyende mwachifatse, kapena lipite kumanda movina. Ambiri amasankha kuvina, ndipo amalipira. Wailesi ya BBC inawajambula mu 2017, n'kunena kuti ntchitoyi inkadyetsa achinyamata pafupifupi 100. Nyimbo imene dziko lonse limaidziwa ndi gule ameneyu si yawo ayi. Dzina lake ndi Astronomia, anaipeka ndi Tony Igy wa ku Russia mu 2010, ndipo anyamata awiri a ku Netherlands otchedwa Vicetone anaikonzanso mu 2014. Anthu a pa intaneti ndiwo anaimata pa zithunzi za maliro a ku Ghana patapita zaka.

Choncho m'bokosi limene tonse tinaliseka munali munthu weniweni, mayi kapena agogo a winawake. Kusiyana kwake n'koti abale ake ndiwo anaitanitsa guleyo.

Lumo la wodula kanema

Luso lonse la mimu imeneyi lili pa malo amene kanema wadulidwa. Wokonza amatenga ngozi n'kuidula sekondi imodzi isanachitike. Simuona mutu ukumenya phula, simumva kulira, simuona magazi. M'malo mwake mupatsidwa bokosi, lomwe likuti munthu uja wafa, komanso gule, yemwe akuti musadandaule, zonsezi n'zocheza. Mtima umalandira mauthenga awiri otsutsana nthawi imodzi, ndipo chimatuluka ndi phwete.

Akatswiri awiri a ku yunivesite ya Colorado ku America, Peter McGraw ndi Caleb Warren, analongosola zimenezi mu 2010. Iwo anati kuti chinthu chiseketse pamafunika zinthu ziwiri zikumane: chioneke cholakwika kapena choopsa, komanso nthawi yomweyo chioneke kuti sichikuvulaza. Chimodzi chikasowa, kuseka kulibe. Mwana amaseka mpaka misozi amalume ake akamamugirigisha, chifukwa kugirigisha kuli ngati kumuukira koma iye akudziwa kuti ndi amalume. Akadzigirigisha yekha saseka, poti palibe choopsa. Akamugirigisha mlendo wa mumsewu amakuwa, poti chitetezo chija chachoka. Mimu ya bokosi imaima pakati penipeni. Mukangouzidwa kuti mnyamata wa pa njinga uja anafadi, kanema yemweyo, osasintha chilichonse, amasanduka chinthu chonyansa kuonera.

Chimachititsa kuti choopsa chioneke chosavulaza ndi mtunda, ndipo mtunda uli m'mitundu ingapo. Pali wa malo, pali wa nthawi, pali wa ubale, komanso pali kusiyana kwa nkhani yeniyeni ndi yongopeka. McGraw ndi anzake anayesa wa nthawi pogwiritsa ntchito namondwe wotchedwa Sandy, amene anaononga gombe la kum'mawa kwa America kumapeto kwa Okutobala 2012. Anasonyeza anthu oposa 1,000 nthabwala zomwezomwezo zokhudza namondweyo, koma pa masiku osiyanasiyana. Namondwe asanafike, anthu ankaseka. Atafika, zithunzi za nyumba zogumuka zili ponseponse, kuseka kunatsika. Kenako kunayamba kukwera, n'kufika pamwamba patatha masiku 36, ndipo pambuyo pake kunatsikanso chifukwa nkhaniyo inali itazilala moti inalibenso choopsa.

Nambala ya 36 si lamulo loti munthu aziwerengera pa kalendala. Ankafunsidwawo anali anthu wamba a m'dziko lonse la America, osati okhawo amene madzi anawalowera m'nyumba. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, matope n'kukwirira mabanja ku Chilobwe, mtunda wa munthu wokhala ku Mzuzu kapena ku Joni sunali wofanana ndi wa mayi amene mwana wake sanapezeke. Kwa woyambayo mwezi umodzi ukhoza kukwana kuti nthabwala ya mvula imveke yopepuka. Kwa mayiyo mwina tsikulo silidzafika. Vuto la foni ndi loti onse awiri angakhale m'gulu limodzi la WhatsApp.

Tsiku limene kwacha inagwa

Nthabwala zambiri za mavuto kuno kwathu sizikhudza imfa koma thumba. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, chaka chimodzi ndi theka chabe chitsitsireni ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Mphunzitsi wolandira K200,000 anagona ali ndi ndalama yokwana madola 169, anadzuka ali ndi madola 118. Sanabe, sanajombe ku ntchito, sanalakwire munthu. Ndipo panalibe ofesi imene akanapitako kukadandaula kuti amubwezere.

Munthu amene ali m'vuto lotere ali ndi njira zochepa. Akhoza kukwiya, koma mkwiyo wopanda pougwetsa umatha ndi mwini wake. Akhoza kukhala chete. Kapena akhoza kujambula chikwama chake chopanda kanthu n'kulemba chilengezo cha maliro: malipiro atisiya pa 3 mwezi uno atadwala nthawi yochepa, mwambo wonse uli kwa a landilodi. Mtengo wa shuga sutsika chifukwa cha zimenezo. Chasintha n'choti kwa kanthawi iye ndiye akuifotokoza nkhaniyo, wasankha mawu ake, waika mathero ake. Vuto lomwe linamugwera osamufunsa walisandutsa chinthu chimene iye wapanga.

Pali phindu lachiwiri, ndipo ine ndimaliona ngati lalikulu kuposa loyambalo. Umphawi umachititsa manyazi. Bambo sangaime pakati pa anzake n'kunena kuti mwezi uno ana anga adya kamodzi patsiku. Koma akatumiza chithunzi chija, anthu makumi awiri n'kuyankha ndi tinkhope toseka, wina n'kuwonjezera kuti ake anamwalira pa 2, aliyense waulula kuti zinthu sizili bwino popanda wina kutsika ulemu. N'chifukwa chake nthabwala za pamzere wa mafuta, za kuzima kwa magetsi ndi za mitengo ya feteleza zimayenda mofulumira chotere. Wotumiza ndi wolandira ali pamzere umodzi.

Ngakhale pa chisoni chenicheni kuseka si chizindikiro cha kuuma mtima. Dacher Keltner ndi George Bonanno anafalitsa mu 1997 zimene anapeza pocheza ndi anthu amene amuna kapena akazi awo anali atamwalira miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo. Amene ankaseka kuchokera pansi pa mtima pokumbukira malemu, kuseka kofika m'maso osati kwa milomo yokha, anali ndi mkwiyo wochepa, ndipo patapita chaka ndi kupitirira chisoni chawo chinali chopepukirapo poyerekeza ndi enawo. Izi sizikutanthauza kuti mukamukakamiza namfedwa kuseka achira. Mwina amene anali kale panjira yochira ndiwo ankatha kuseka. Koma zikutiuza kuti wamasiye amene waseka pokumbukira nkhuli ya malemu mwamuna wake sanamuiwale, ndipo si wofunika kumuyang'ana ndi diso lofiira.

Adzukulu anali ndi malamulo

Makolo athu sanadikire ofufuza kuti adziwe zimenezi. Pa maliro a Chichewa pali adzukulu, anthu amene amakumba manda, kunyamula chitanda ndi kukwirira. Ndi okhawo amene amaloledwa kuchita nthabwala pasiwa. Amalalatira nsima kuti yachepa, amaopseza kuti asiya manda osatha ngati sapatsidwa nkhuku, amaseka mkamwini amene wagwira khasu ngati cholembera. M'madera ena, maliro akakhala a gogo, wina amavala chikhoti cha malemu, kutenga ndodo yawo n'kumayenda monga ankayendera, kukalipa monga ankakalipira, mpaka anamfedwa eni ake amaseka misozi ili m'masaya. Ku Zambia kuli chimbuya, chisuweni cha pakati pa Angoni ndi Abemba: pa maliro a mtundu winawo amanyozana poyera, kupakana ufa kumaso, ndi kulipiritsana tindalama tomwe timakathandiza pa maliro pomwepo.

Tikayang'anitsitsa, ufulu umenewu unali ndi mpanda. Woseka ndi munthu wodziwika, ndipo aliyense akudziwa ubale umene ukumupatsa chilolezo. Wagwira ntchito yolemetsa kuposa aliyense pamalopo, matope a kumanda akadali m'miyendo. Amaseka pamaso pa anamfedwa, ndipo akaona nkhope ya mayi wamasiye yasintha amaleka pomwepo. Amadziwa maliro oyenera nthabwala ndi osayenera: palibe mdzukulu wanzeru zake amene angavale malaya a mwana wa sukulu amene wagundidwa ndi galimoto. Ndiponso mawa maliro akagwa kwao, omwe akuwasekawa ndiwo adzabwere ndi makasu, n'kubweza chipongwe chonse.

Anyamata a ku Prampram ali mkati mwa mpanda womwewu. Aitanidwa ndi banja, asenza katundu, akuona nkhope za olira. Mimu ndiyo inatenga gule n'kusiya mpandawo. Wotumiza sadziwika kwa mwini tsoka, sanasenze kanthu, saona nkhope ya munthu, ndipo sadzabwezeredwa. Pamene mimuyo inkagwiritsidwa ntchito pouza anthu onse kuti akhale pakhomo, monga apolisi a ku Peru ndi ku Colombia anachitira povina ndi bokosi m'misewu, kapena zikwangwani za ku Brazil zochenjeza kuti wosamvera adzavina ndi anyamatawa, bokosilo linali la tonse. Aidoo ndi anzake nawo anatulutsa kanema wothokoza madokotala ndi kuchenjeza anthu chimodzimodzi. Koma mu Meyi chaka chomwecho, masamba a Donald Trump anatulutsa mimu yomweyo bokosi litalembedwa dzina la kampeni ya Joe Biden, amene ankapikisana naye. Gule yemweyo, nyimbo yomweyo, koma tsopano bokosi lili ndi mwini wake.

Chithunzi chimodzi, magulu atatu

Tiyerekeze nkhani imene ingachitike mumzinda uliwonse. Mayi wogulitsa tomato wayala malonda ake m'mbali mwa msewu. Mvula yagwa yamphamvu, ngalande yasefukira, tomato yense akuyandama, iye akuthamangira beseni lake chitenje chili m'manja. Mng'ono wake amene amagulitsa naye wajambula kanema. Madzulo, atauma ndi kumwa tiyi, awiriwo aonera n'kuseka mpaka kugwirana. Amutumiza m'gulu la banja, la anthu khumi ndi awiri, ndi mawu oti kampani yathu yatsegula nthambi ku nyanja. Achimwene awo a ku Joni aseka, kenako atumiza ndalama ya mpamba wina. Apa zonse zili m'malo: mwini tsoka ndiye mwini nthabwala, oseka akumudziwa, ndipo kuseka kwabala thandizo.

Msuweni wina m'gulu lija autumiza kwa anzake a kuntchito. Iwo mayiyu sakumudziwa. Mawu aja a nthambi ya ku nyanja, omwe anali ake, atsala m'mbuyo, ndipo wina waikapo ena onena za thupi lake ndi chitenje chija. Choseketsa sichilinso mvula ndi umphawi umene tonse tikuudziwa. Choseketsa tsopano ndi iyeyo.

Pofika tsiku lachitatu kanema ali pa tsamba la Facebook la anthu masauzande, wamatidwa nyimbo ya Astronomia ndi bokosi kumapeto. Wina mu ndemanga watchula msika umene mayiyu amagulitsa. Mwana wake wa fomu 2 auona pa foni ya mnzake nthawi yopuma. Kumsika anyamata a kabaza akumuimbira kanyimbo kaja akamadutsa. Palibe mmodzi mwa anthu onsewa amene anadzuka ndi cholinga chomuzunza, ndipo aliyense atafunsidwa anganene kuti ndinangotumiza. Komabe mayiyu wataya tomato kamodzi, ulemu wake akuutaya tsiku lililonse.

Nthabwalayi inaipa pa sitepe yachiwiri, pamene inachoka m'manja mwa anthu omudziwa. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona. Funsani kuti chikusekedwa ndi vuto kapena munthu, ndipo ngati ndi munthu, kodi akanakhala pompano akanaseka nawo? Funsaninso ngati nkhope, dzina kapena malo ake zikuoneka, poti nthabwala ya umphawi sisowa nkhope ya mmphawi weniweni kuti igwire. Eni WhatsApp anayesako kuchepetsa liwiro: kuyambira mu 2019 uthenga umatumizidwa kwa anthu kapena magulu asanu okha nthawi imodzi, ndipo kuyambira mu Epulo 2020 umene wayenda kale kwambiri, wolembedwa kuti "Forwarded many times", umapita kumodzi kokha. Koma gulu limodzi limatha kukhala ndi anthu 1,024, ndiye kutumiza kamodziko n'kokwanira kudzaza holo.

Pamene kuseka kumatsegula chitseko

Pali mtundu wina umene suipa chifukwa choyenda, umabadwa uli woipa kale. Ndi nthabwala imene imatenga gulu la anthu amene ali kale pangozi n'kuseka ngozi yawoyo. Mu 2016 bungwe la Amnesty International linalemba kuti anthu achialubino osachepera 18 anali ataphedwa m'Malawi kuyambira mu Novembala 2014, chifukwa cha bodza loti mafupa awo amalemeretsa. M'zaka zimenezo anthu achialubino ankadandaula kuti akamadutsa, ena amawakuwiza kuti ndalama zikuyenda. Wokuwayo akafunsidwa amati ndimangocheza. Koma nthabwalayo ikubwereza ndendende chikhulupiriro chimene chikupha anthu, ndipo ikunenedwa kwa munthu amene usiku sagona tulo poopa kuthyoleredwa chitseko.

Katswiri wina wa za maganizo ku America, Thomas Ford, wafufuza kwa zaka zambiri zimene nthabwala zonyoza gulu la anthu zimachita. Pa kafukufuku amene iye ndi anzake anafalitsa mu 2008, amuna anaonetsedwa timasewero toseketsa, ena tonyoza akazi, ena tosanyoza aliyense. Kenako anapemphedwa kuti agawe ndalama zimene ziyenera kudulidwa ku mabungwe a ophunzira. Amuna amene anali kale ndi mtima wodana ndi akazi anadula zambiri ku bungwe la akazi ataonera tonyoza tija. Amene analibe mtima umenewo sanasinthe. Ndiye kuti nthabwala yotere simusandutsa munthu wabwino kukhala woipa. Imamuuza woipa uja kuti pano uli pakati pa anzako, masuka. M'gulu la anthu mazana awiri simungadziwe kuti ameneyo ndi uti.

Pa chifukwa chomwechi, kuseka nduna imene yalonjeza mafuta osabwera n'kosiyana ndi kuseka wopemphetsa, ngakhale mawu atafanana. Nduna ili ndi maikolofoni, galimoto ndi loya. Komabe ngakhale wamkulu akagwa m'tsoka la umunthu, monga matenda kapena imfa, amatsala ndi mkazi ndi ana amene sanapikisane nawo pa chisankho. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri za boma la Malawi, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi ndi Covid-19. Matenda amene kwa miyezi yambiri ankaoneka ngati a kutali, oyenera mimu, anali atalowa m'nyumba za anthu odziwika mayina. Mtunda unatha tsiku limenelo, ndipo gule wa bokosi sakanamvekanso monga ankamvekera mu Epulo.

Wodziseka yekha

Mtundu wovuta kuuweruza ndi umene munthu akudziseka mwini. Nthawi zambiri ndi wabwino, monga mphunzitsi uja ndi chilengezo cha maliro a malipiro. Koma Rod Martin wa ku Canada, amene mu 2003 anagawa kasekedwe ka anthu m'mitundu inayi, anasiyanitsa munthu amene amaseka mavuto ake kuti apirire ndi amene amadzinyoza kuti ena amulandire. Woyambayo amati zinthu zavuta koma taonani kuseketsa kwake. Wachiwiriyo amati ine ndine wachabechabe, sekani. Kafukufuku wapeza mobwerezabwereza kuti mtundu wachiwiriwu umayenda limodzi ndi matenda a nkhawa ndi kukhumudwa. Mu 2020 Umair Akram ndi anzake ku Britain anapezanso kuti anthu amene ali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa amaona mamimu onena za kutopa ndi moyo kukhala oseketsa ndi owakhudza kuposa m'mene ena amawaonera. Kwa iwo mimu yotere ikhoza kukhala mpumulo, umboni woti si okha. Ikhozanso kukhala njira yokhayo imene apeza yonenera chimene pakamwa pakukanika.

Apolisi kuno akhala akulengeza chaka ndi chaka kuti mwa anthu odzipha ambiri ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Mwamuna wa kwathu anaphunzitsidwa kuti salira. Kuseka ndiye amaloledwa. Choncho mnzanu akamaika pa sitetasi nthabwala za imfa, yang'anani zinthu zingapo. Kodi nkhani yasuntha kuchoka pa mavuto a tonse kufika pa iye yekha, kuti ndi mtolo kwa abale ake, kuti akadzachoka anthu adzapuma? Kodi zikubwera usiku uliwonse, pamene kale zinkabwera mwa apo ndi apo? Kodi zayamba atachotsedwa ntchito, banja litatha, kapena angongole atayamba kumusaka? Kodi wasiya kubwera ku mpira, ku tchalitchi, kumene ankapezeka? Zikatere kankhope koseka si yankho. Muimbireni, kapena mupiteni, osati m'gulu koma pa awiri, ndipo mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Ambiri amaopa kuti funsoli limuika maganizo amene analibe, koma ofufuza apeza kuti silitero. Akavomera, musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala cha boma chapafupi kapena ku Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kumene kuli anthu ophunzira ntchito imeneyi. Akaseka n'kunena kuti aise, inali mimu chabe, mwangotaya mayunitsi ochepa.

Ikapsa kale

Lamulo nalo lili ndi mawu ake. Malawi ali ndi lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti, ndipo lili ndi ndime zoletsa kuzunza munthu kudzera pa makina komanso kutumiza mauthenga osokoneza mtendere wa wina mwadala ndi mobwerezabwereza. Chilango chake ndi chindapusa ndi ndende. Anthu amangidwapo chifukwa cha zimene analemba kapena kutumiza m'magulu a WhatsApp, ndipo omenyera ufulu wa anthu adandaula kuti ndimezi zimathamangira kuteteza akuluakulu a ndale. Dandaulo limeneli ndi lomveka. Mayi wa tomato uja, amene lamuloli likanamuthandiza kwenikweni, sangaganize n'komwe zopita ku polisi ndi nkhani ya mimu.

Chimene chingamuthandize msanga ndi anthu a m'gulu momwemo. Amene watumiza chinthu n'kuzindikira kuti chalasa munthu ali ndi masiku awiri okha oti asankhe "Delete for everyone" pa WhatsApp, ndipo woyang'anira gulu nayenso ali ndi mphamvu yofufuta uthenga wa wina aliyense. Kufufuta sikubweza zimene ena asunga kale m'mafoni mwawo, n'chifukwa chake ola loyamba ndi lofunika kuposa tsiku lachiwiri. Pomudzudzula wotumiza, kumulembera kumbali kumagwira ntchito kuposa kumuyalutsa pagulu, pomwe amayamba kudziteteza ndipo anzake amamuikira kumbuyo kuti anthu ena sadziwa kucheza. Mawu ochepa amakwana: achimwene, mayi ali mu kanemayu ndi mlongo wa mnzathu wa m'gulu lino, chonde chotsani. Ndipo popepesa kwa mwini wake, mawu oti pepani ngati mwakhumudwa amangowonjezera moto, chifukwa akuika mlandu pa wolasidwayo. Amene akupepesadi amanena chimene anachita, amatchula kumene anatumiza, ndipo amalembera aliyense wa anthuwo kuti afufute.